Kotesheni, oda ndi pulofoma kuchokera pa kulemba kumodzi

Ndimasunga mabuku m'sitolo ya zomangira kuno ku Chipata, ndipo makasitomala athu aakulu ndi masukulu, matchalitchi ndi makomiti a zitukuko ochokera ku Katete, Chadiza ndi Lundazi. Anthu amenewa sagula ngati mmene munthu amagulira loko wa pachitseko. Amayamba apempha kotesheni n'kupita nayo ku komiti, kenako amabwera ndi oda, ndipo akatero msungichuma wawo amafuna pulofoma invoisi kuti atulutse ndalama. Mapepala ndi atatu, koma katundu, mitengo ndi dzina la wogula ndi zomwezo. Ngati pepala lililonse mumalilemba paokha, ndiye kuti mukulemba zinthu zofanana katatu, ndipo pakulemba kwachitatu ndi pamene 40 amasanduka 04, kapena nambala ya TPIN imasowa chiwerengero chimodzi. Ndinaonapo mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina akubwerera ulendo wonse wochokera ku Lundazi chifukwa dzina la sukulu pa pulofoma linasiyana ndi la pa kotesheni ndi liwu limodzi lokha, ndipo a ku ofesi ya ndalama anakana kulipira.

Njira imene ndikufotokoza pano imafuna Excel basi, ndipo imagwiranso pa LibreOffice Calc ndi Google Sheets. Mfundo yake ndi yakuti zonse zokhudza malonda amodzi zimalembedwa kamodzi, pansi pa nambala imodzi, ndipo pepala losindikiza limangotenga zimene zinalembedwazo n'kusintha mutu wake.

Masamba anayi osungira zinthu

Tsegulani failo yatsopano, mupange masamba asanu. Anayi ndi nkhokwe, lachisanu ndi lomwe kasitomala amaliona.

Tsamba loyamba mulitche `MAKASITOMALA`. Mu kolamu A mulembe khodi yaifupi ya wogula, monga `K021`, mu B dzina lake lonse, mu C adiresi, mu D nambala ya TPIN. Dzinalo mukopere kuchokera pa chidindo kapena pa kalata ya bungwelo, osati mmene anthu amalitchulira pakamwa. Musanalembe TPIN kapena nambala ya foni, sankhani kolamuyo n'kuiika pa `Text`, apo ayi Excel idzadya ziro woyamba wa nambala ya foni.

Lachiwiri ndi `KATUNDU`: khodi mu A, dzina la katundu pamodzi ndi muyeso wake mu B, mtengo wopanda VAT mu C. Muyeso ukhalepo ndithu. Kulemba "malata" kokha kumadzetsa mkangano pa tsiku lonyamula, pomwe "malata a mamita 3" sikusiya chokambirana.

Lachitatu ndi `NTCHITO`, ndipo malonda alionse amatenga mzere umodzi wokha: nambala ya ntchito mu A, khodi ya kasitomala mu B, tsiku la kotesheni mu C, nambala ya oda ya wogula mu D, tsiku la oda mu E, tsiku la pulofoma mu F. Poyamba D, E ndi F amakhala opanda kanthu, ndipo kungoyang'ana tsambali mumadziwa kuti ntchito iliyonse yafika pati. Nambala ya ntchito ikhale nambala wamba, monga 1047, yopanda zilembo kapena ziro kutsogolo.

Lachinayi, `MIZERE`, ndi lomwe limanyamula katundu wa ntchito iliyonse. Makolamu ake ndi asanu ndi atatu. A ndi kiyi, B nambala ya ntchito, C nambala ya mzere, D khodi ya katundu, E dzina la katundu, F mtengo, G kuchuluka kumene wogula anapempha pa kotesheni, H kuchuluka kumene watsimikiza pa oda. Pa kotesheni inu mumalemba B, C, D ndi G basi. Mu A2, E2 ndi F2 muikemo mafomyula awa motsatana, n'kuwakokera pansi pa mzere uliwonse umene mwalemba:

```
=B2&"-"&C2
=VLOOKUP(D2,KATUNDU!A:C,2,FALSE)
=VLOOKUP(D2,KATUNDU!A:C,3,FALSE)
```

Yoyambayo imalumikiza nambala ya ntchito ndi ya mzere kuti pakhale kiyi ngati `1047-2`, kutanthauza katundu wachiwiri wa ntchito 1047. Ziwiri zinazo zimakatenga dzina ndi mtengo ku `KATUNDU`. Liwu lakuti `FALSE` musalisiye. Mukalisiya, Excel imatha kukupatsani katundu amene khodi yake yangoyandikira, osanena kalikonse. Pa makompyuta ena fomyula imakana mpaka mutaika `;` pamene pali `,`, ndiye ikakukanirani yesani zimenezo poyamba.

Pepala limene limasintha mutu

Tsamba lachisanu mulitche `PEPALA`. Pamwamba pake, mu B1, mupange kabokosi kosankhira: pitani pa `Data`, kenako `Data Validation`, musankhe `List`, n'kulemba `QUOTATION,SALES ORDER,PROFORMA INVOICE`. Mu B2 ndi momwe mudzalembe nambala ya ntchito. Maselo awiriwa ndi okhawo amene dzanja lanu lidzakhudze pa tsambali.

B3 ikatenge khodi ya kasitomala, B4 dzina lake, B7 tsiku, ndipo B8 ipange nambala ya pepalalo:

```
=VLOOKUP(B2,NTCHITO!A:F,2,FALSE)
=VLOOKUP(B3,MAKASITOMALA!A:D,2,FALSE)
=VLOOKUP(B2,NTCHITO!A:F,IF(B1="QUOTATION",3,IF(B1="SALES ORDER",5,6)),FALSE)
=IF(B1="QUOTATION","QT-",IF(B1="SALES ORDER","SO-","PF-"))&B2
```

B7 muiike pa `Date` mu `Format Cells` kuti tsiku lisaoneke ngati nambala wamba. Adiresi mu B5 ndi TPIN mu B6 zimatengedwa ndi fomyula yofanana ndi ya dzina ija, kungosintha 2 kukhala 3 kapena 4. Nambala ya oda ya wogula mu B9 imatengedwa ngati ya B3, koma ndi 4. Onani zimene fomyula yomalizayo ikuchita. Ntchito 1047 imatuluka ngati `QT-1047`, kenako `SO-1047`, kenako `PF-1047`. Msungichuma akaimba foni ali ndi pepala limodzi m'manja, inu mumapeza ena awiriwo osafufuza m'mafailo.

Tsopano mizere ya katundu. Kuyambira A12 mpaka A26 mulembe 1 mpaka 15. Mu B12, C12, D12 ndi E12 muike izi, n'kuzikokera pansi mpaka mzere 26:

```
=IFERROR(VLOOKUP($B$2&"-"&A12,MIZERE!A:H,5,FALSE),"")
=IFERROR(VLOOKUP($B$2&"-"&A12,MIZERE!A:H,IF($B$1="QUOTATION",7,8),FALSE),"")
=IFERROR(VLOOKUP($B$2&"-"&A12,MIZERE!A:H,6,FALSE),"")
=IF(C12="","",C12*D12)
```

Mtima wa ntchito yonseyi uli pa fomyula yachiwiriyo. Mutu ukakhala `QUOTATION`, kuchuluka kumachokera mu kolamu G, yachisanu ndi chiwiri. Ukakhala wa oda kapena wa pulofoma, kumachokera mu H, yachisanu ndi chitatu. Ndiye kuti oda ndi pulofoma sizingasiyane ngakhale ndi thumba limodzi, chifukwa zonse zimawerenga selo limodzi. Pansi pake, E27 ikhale `=SUM(E12:E26)`, E28 ikhale `=ROUND(E27*0.16,2)`, ndipo E29 ikhale `=E27+E28`. VAT ya muno mu Zambia ndi 16 peresenti pa katundu wamba monga simenti ndi malata. Ngati bizinesi yanu sinalembetse VAT ku ZRA, mzere wa E28 muuchotseretu ndipo selo la ndalama yonse likhale `=E27`, chifukwa simuloledwa kulipiritsa msonkho umene simunalembetse. M'munsi mulembe nambala ya akaunti yanu ya ku banki kamodzi kokha, ndipo muiwerenge kawiri ndi mnzanu musanasindikize pepala loyamba.

Kumanga zonsezi kumatenga madzulo amodzi. Zotsalazi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kotesheni

Tiyeni titsate malonda amodzi. Mitengo yake ndi yachitsanzo chabe. Wapampando wa komiti ya sukulu ina ya ku Katete wabwera Lolemba m'mawa, kapepala kali m'thumba la malaya, kolembedwa ndi pensulo: simenti matumba 60, malata a mamita atatu 40, misomali ya malata makilo 10. Ngati sukuluyo sinagulepo kwa inu, muilembe mu `MAKASITOMALA`. Mu `NTCHITO` mutsegule mzere wa 1047, muike khodi ya sukuluyo ndi tsiku. Tsikulo mulilowetse podina `Ctrl` ndi `;` pamodzi. Musagwiritse ntchito `TODAY()`, chifukwa imasintha m'mawa uliwonse, ndipo kotesheni ya mwezi watha idzaoneka ngati yalembedwa lero.

Mu `MIZERE` mulembe mizere itatu: 1047 mzere 1 simenti 60, mzere 2 malata 40, mzere 3 misomali 10. Mitengo ibwera yokha: K165 pa thumba, K210 pa lata, K55 pa kilo. Pitani pa `PEPALA`, musankhe `QUOTATION`, mulembe 1047. Simenti ikhala K9,900, malata K8,400, misomali K550. Pamodzi ndi K18,850, VAT ndi K3,016, zonse K21,866.

Musanampatse munthuyo pepala, pali kanthu kamodzi koyenera kuchita, ndipo ndi kamene anthu ambiri amaiwala. Bwererani ku `MIZERE`, musankhe maselo a E ndi F a mizere itatu ija, muwakopere, ndipo pomwepo muchite `Paste Special`, `Values`. Mukatero fomyula imachoka, n'kutsala dzina ndi mtengo ngati zolemba wamba. Ine ndimati kuumitsa mtengo. Chifukwa chake n'chakuti fomyula ija imayang'anabe ku `KATUNDU` tsiku lililonse, ndipo mukadzasintha mtengo wa simenti kumeneko, makotesheni onse akale adzasintha nawo mwakachetechete. Kuti mudziwe ngati mwaumitsa, dinani selo la mtengo n'kuyang'ana pamwamba. Mukaona 165, zili bwino. Mukaona `=VLOOKUP`, simunamalize.

Kenako sungani pepalalo ngati PDF ndi dzina la `QT-1047`, ndipo limenelo ndi lomwe mumasindikiza kapena kutumiza pa WhatsApp. Failo ya Excel yeniyeniyo musaitumize kwa aliyense, popeza muli mitengo yanu yonse ndi maina a makasitomala ena. Pa kotesheni mulembenso kuti mtengo ukhala kwa masiku angati. Ife timaika masiku 14 pa simenti, chifukwa mtengo wake sukhazikika, koma komiti ikanena kuti ikumana pakatha milungu itatu, timakambirana pomwepo n'kulemba zimene tagwirizana.

Oda

Patapita masiku khumi wapampando uja wabwerera ndi LPO, pepala la oda lodindidwa ndi sukulu.

"Amayi, komiti yavomera, koma ndalama zimene tili nazo ndi K20,000 basi. Simenti tichepetse, ikhale 50."

"Palibe vuto, abambo. Malata ndi misomali zikhale momwemo?"

"Momwemo."

Apa ndi pamene dzanja limayabwa kuti mupite pa 60 uja mu kolamu G n'kulemba 50 pamwamba pake. Musatero. G ndi mboni ya zimene munalonjeza poyamba, ndipo tsiku lina wofufuza mabuku a sukuluyo adzafuna kuona chifukwa chimene kotesheni inanena K21,866 pomwe analipira ndalama ina. Chochita ndi ichi: kopani maselo atatu a G, muwaike mu H, kenako musinthe selo limodzi lokha, la simenti, kuti likhale 50. Mu `NTCHITO` mulembe nambala ya LPO mu D ndi tsiku mu E. Pa `PEPALA` musinthe mutu kukhala `SALES ORDER`. Simenti tsopano ndi K8,250, pamodzi K17,200, VAT K2,752, zonse K19,952. Zalowa mu K20,000 yawo, ndipo zimene mwalemba ndi dzanja ndi nambala ya LPO, tsiku ndi 50 basi.

Apa ndi pomwe kuumitsa mtengo kuja kumaonekera ntchito yake. Tinene kuti m'masiku khumi amenewo simenti inakwera, ndipo munasintha mtengo mu `KATUNDU` kukhala K172. Mukanapanda kuumitsa, matumba 50 akanakhala K8,600, pamodzi K17,550, VAT K2,808, zonse K20,358. Kusiyana kwake ndi K406 yokha, koma yadutsa malire a komiti, ndipo wapampandoyo ali ndi pepala lanu lakale m'manja lonena K165. Adzaganiza kuti mwamukwezera mtengo mobisa, ndipo kumufotokozera za fomyula sikudzathandiza. Masiku a kotesheni akanakhala kuti atha, mtengo watsopano ukanakhala woyenera, koma pamenepo njira yake ndi kutsegula ntchito yatsopano, 1048, n'kupereka kotesheni ina kuti komiti iione. Kukopera mizere itatu ija n'kusintha nambala ya ntchito kumatenga mphindi imodzi, bola mubwezeretse fomyula ya mtengo kuti itenge watsopano.

Musanasunge oda, ikani LPO ya wogula pambali pa sikirini n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Nthawi zina wolemba LPO ndi amene walakwitsa, walemba malata 45 pomwe wapampando akunena 40. Zikasiyana choncho, aimbire foni ku sukulu ali pomwepo, chifukwa msungichuma adzalipira potsata LPO, osati zimene munakambirana pakauntala. Wogula akachotsa katundu wina yense, muike 0 mu H, mzerewo usafufutidwe. Akaonjezera chinthu chimene sichinali pa kotesheni, monga waya womangira, mulembe mzere watsopano, 1047 mzere 4, ndi 0 mu G ndi kuchuluka kwake mu H. Ngakhale mzerewo utakhala pansi penipeni pa tsamba, patali ndi anzake, kiyi idzaupeza. Mukamaliza sungani PDF ya `SO-1047`, ndipo uzani a ku nkhokwe kuti matumba 50 ndi malata 40 ali ndi mwini wake.

Pulofoma

Gawo ili ndi lalifupi chifukwa ntchito yonse yachitika kale. Lembani tsiku mu kolamu F ya `NTCHITO`, musinthe mutu kukhala `PROFORMA INVOICE`, musunge `PF-1047`. Ndalama yake ndi K19,952, yofanana ndi ya oda mpaka pa ngwee.

Chofunika kudziwa ndi chimene pulofoma ili. Ndi pepala louza wogula ndalama yoti alipire katundu asanatuluke. Si invoisi ya msonkho. Wogula sangabwezeredwe VAT ndi pulofoma, ndipo inunso musailembe m'mabuku ngati malonda amene achitika. Kuyambira mu 2024, mabizinesi olembetsa VAT amatulutsa mainvoisi a msonkho kudzera mu Smart Invoice ya ZRA, ndiye ndalama zikalowa ndipo katundu akunyamulidwa, invoisi yeniyeni ituluke kumeneko, osati mu Excel. Pa `PEPALA` ndi bwino kuika chenjezo lodzionekera lokha mutu ukakhala wa pulofoma:

```
=IF(B1="PROFORMA INVOICE","This is not a tax invoice","")
```

Ndipo katundu asatuluke chifukwa cha chithunzi cha silipi ya ku banki chotumizidwa pa foni. Onani ndalamazo mu akaunti yanu kaye.

Zikasokonekera

Zolakwika za njira imeneyi ndi zochepa, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Mukasintha mutu kukhala wa oda n'kuona kuchuluka konse kuli 0, ndiye kuti simunakopere G kupita mu H. Tsiku likaoneka la mu 1900, selo la tsikulo mu `NTCHITO` lilibe kanthu. Dzina la kasitomala likatuluka `#N/A`, kawirikawiri pali mpata wosaoneka kumapeto kwa khodi, kapena nambala ya ntchito inalembedwa ngati `Text` mbali imodzi pomwe mbali inayo ndi nambala. Ifufuteni n'kuilembanso.

Choopsa kwambiri ndi chimene sichionetsa chizindikiro. `IFERROR` ija imabisa mizere yosapezeka kuti pepala lioneke laukhondo, koma imabisanso katundu amene watayika. Mukalemba mzere 2 kawiri m'malo mwa 2 ndi 3, Excel imatenga woyambayo, winayo n'kusowa pa pepala. Chimodzimodzi ngati ntchito ili ndi mizere 17 pomwe pepala limathera pa 15: iwiri yomalizayo siituluka, ndalama yonse imachepa, ndipo mumazindikira pa tsiku lokweza katundu mu galimoto. Kuti zimenezi zisakupezeni, ikani fomyula iyi pambali, kunja kwa malo osindikizidwa:

```
=IF(COUNTIF(MIZERE!B:B,B2)=COUNT(D12:D26),"OK","ONANI MIZERE")
```

Imawerenga mizere imene ntchitoyo ili nayo mu `MIZERE` n'kuyerekeza ndi imene yatuluka pa pepala. Ine sindidina posindikiza ndisanaone `OK` pamenepo. Tsamba la `PEPALA` mulitsekenso ndi `Protect Sheet`, mutatsegula B1 ndi B2 okha pochotsa chizindikiro cha `Locked` mu `Format Cells`. Popanda zimenezo, tsiku limene inu kulibe, wina adzalemba mtengo pamwamba pa fomyula kuti athandize kasitomala mwachangu, ndipo mtengo umenewo udzatuluka pa mapepala a anthu onse otsatira.

Failoyi imakwanira sitolo imene munthu mmodzi kapena awiri ndi amene amalemba. Mukafika poti anthu angapo akulemba nthawi imodzi, kapena mukufuna kuti oda izichotsa yokha katundu pa sitoko, pamafunika pulogalamu ya malonda. Mu Odoo, mwachitsanzo, kudina `Confirm` pa kotesheni kumaisandutsa oda, ndipo pulofoma imatuluka pa oda yomweyo mukayatsa `Pro-Forma Invoice` mu `Settings`. Mpaka mutafika pamenepo, madzulo alionse kopani failo yanu pa fulashi kapena pa Google Drive, ndipo ma PDF atatu a ntchito iliyonse muziwasunga mu foda imodzi yotchedwa ndi nambala ya ntchitoyo, pamodzi ndi chithunzi cha LPO yodindidwa ija.